Ntchito yandichulukira mu ofesi, aliyense amangondituma

Funso: Amayi, ndithandizeniko maganizo. Ndimagwira za akaunti pa kabungwe kena pa Nchalo pano, koma poti tilipo ochepa zonse zimagwera ine, makalata, maminitsi, ma alawansi, mpaka kugula shuga wa tiyi. Ndimalowa 7:30 kuweruka 6 koloko, nthawi zina ndi Loweruka lomwe, koma malipoti amachedwabe ndipo abwana ayamba kundiona ngati waulesi. Ndinamva za bokosi la magawo anayi ndi zotseka maola, kodi zimenezi zingatheke kwa munthu wamng'ono ngati ine?

Yankho: Zingatheke achemwali, koma osati mmene amazifotokozera ku mawekishopu muja, kuti jambulani bokosi, ikani ntchito m'magawo, basi moyo wasintha. Bokosilo silichotsa ntchito olo imodzi pa tebulo panu. Chomwe limachita ndi kukupatsani pepala lokhala ndi manambala loti mupite nalo kwa abwana, ndipo maola otseka aja, oti mugwire ntchito imodzi popanda wokusokonezani, ndi abwana omwewo amene angakupatseni. Munthu wamng'ono pa ofesi sadzitsekera yekha chitseko, mukayesa mawa lomwe amva kuti mwayamba matama. Ndiye zonse zomwe ndinene apa zikulowera ku kukambirana kumodzi kwa mphindi 10 Lolemba m'mawa.

Bokosi lenilenilo ndi losavuta. Ntchito iliyonse mumaifunsa mafunso awiri. Loyamba, kodi ndi yachangu, kutanthauza kuti tsiku lake lili pafupi, lero, mawa, kapena mkati mwa sabata ino? Lachiwiri, kodi ndi yofunika, kutanthauza kuti ikapanda kuchitika pali chimene chionongeke zenizeni, ndalama, chindapusa, ntchito ya bungwe, kapena dzina lanu pa zomwe anakulemberani ntchito? Mayankho awiriwa amabala magawo anayi. Gawo 1 ndi zachangu zomwenso zili zofunika. Gawo 2 zofunika koma tsiku lake likadali patali. Gawo 3 zachangu koma zosafunika kwenikweni. Gawo 4 zomwe sizili zachangu komanso sizofunika. Anthu amalitchula ndi dzina la Eisenhower, pulezidenti wa Amerika kuyambira 1953 mpaka 1961, chifukwa mu 1954 polankhula mumzinda wa Evanston anasiyanitsa mavuto achangu ndi mavuto ofunika, ndipo mwiniwake ananena kuti mawuwo anawatenga kwa mkulu wina wakale wa koleji. Bokosi lojambula lija linabwera pambuyo, amene analitchukitsa ndi wolemba mabuku Stephen Covey mu 1989.

Pomwe ambiri amagwera ndi pa funso lachiwiri lija. Munthu akaima pa tebulo panu akutuluka thukuta, galimoto ikulira panja, chilichonse chomwe akupempha chimaoneka chofunika. Sikuti ndinu wofooka ayi, mutu wa munthu ndi mmene ulili. Mu 2018 akatswiri atatu, Meng Zhu, Yang Yang ndi Christopher Hsee, anatulutsa kafukufuku woonetsa kuti anthu amathamangira ntchito yomwe nthawi yake ikuoneka kuti ikutha ngakhale phindu lake lili lochepa kuposa ntchito ina yomwe ili pomwepo. Ndiye musadalire mmene mukumvera mumtima. Funsani chonchi: ndikapanda kuchita ichi mpaka Lachisanu, chichitike ndi chani, ndipo avutike ndi ndani? Ngati yankho lili loti bungwe lilipira chindapusa kapena ndalama za polojekiti sizibwera, ndi chofunika. Ngati yankho lili loti achimwene a ku fildi akwiya pang'ono kenako alemba okha kalatayo, chimenecho ndi cha gawo 3, olo atakuimbirani kanayi.

Tiyeni tiyerekeze sabata imodzi ya munthu wa ntchito ngati yanu, mwezi wa Okutobala, Lolemba likhale pa 11. Manambala ndikuika pano ndi ongoyerekeza, inu mudzaika anu, koma njira yowerengera ndi yomweyi.

Musanakhudze bokosi, werengani kaye maola omwe muli nawo. Kuyambira 7:30 mpaka 4:30 kuchotsapo ola la nkhomaliro ndi maola 8, pa sabata 40. Osawerengera madzulo aja ndi Loweruka, chifukwa amenewo ndi amene tikufuna tikubwezereni. Pa 40 paja chotsani mamiting'i, tinene maola 4, ya Lolemba m'mawa ija ndi ina yomwe imangotulukira. Chotsaninso anthu obwera pa tebulo, mafoni, ma imelo ndi ndalama zing'onozing'ono za mu ofesi, pa ntchito ya akaunti zimenezi sizichepera maola 2 pa tsiku, ndiye 10. Kenako siyani ola limodzi tsiku lililonse lopanda kanthu, la zadzidzidzi, chifukwa magetsi athima, netiweki ya banki ivuta, wina adwala, amenewo ndi 5. Zatsala 21. Amenewa ndiye maola enieni omwe mungalonjeze munthu. Ambiri akaona nambala imeneyi koyamba amakana, amati sizoona, ine ndimakhala mu ofesi tsiku lonse. Eya mumakhalamo, koma theka la tsikulo lili ndi eni ake kale.

Tsopano lembani zonse zomwe zikukudikirani, pa pepala limodzi, zomwe zili mu dayale, za pa WhatsApp, zomwe abwana anakuuzani mukudutsana pa khonde, ndipo pambali pa chilichonse ikani tsiku lake ndi maola omwe chitenge. Poika maola musadzinamize. Chomwe mukuganiza kuti ndi ola limodzi nthawi zambiri ndi ola ndi theka, makamaka ngati chikufuna siginecha ya munthu wina.

Mu gawo 1 tipezamo zitatu. Msonkho wa PAYE, wodulidwa pa malipiro a antchito, umayenera kufika ku MRA pofika pa 14 mwezi wotsatira, sabata yathuyi ndi Lachinayi, ndipo kukonza manambala, kulowetsa pa Msonkho Online ndi kusainitsa malipiro tinene maola 3. Pali kuwerengera ndalama za ulendo wa ku Makhanga, malisiti, mapepala omwe anthu anasaina polandira alawansi, ndalama zotsala, zomwe likulu lanena kuti popanda zimenezo pofika Lachitatu ndalama zina satumiza, maola 4. Ndiye kulipira mafuta poti galimoto inyamuka Lachiwiri, ola limodzi. Zonse 8.

Gawo 2 ndi lomwe likukupwetekani inu, ngakhale palibe amene akukuimbirani foni za ilo. Lipoti la kotala la kwa dona likufunika kumapeto kwa mwezi, lonse ndi ntchito ya maola 15 ndipo mumafuna sabata ino mugwireko 6. Kufananitsa buku la ndalama ndi sitetimenti ya ku banki mwatsalira miyezi iwiri, maola 4. Mavocha ali m'katoni pansi pa tebulo osalowa mu fayilo, ma odita akubwera chaka chikamatha, maola 4. Pamodzi 14. Taonani kuti zonse zitatuzi ndi ntchito yomwe anakulemberani, ndi zomwe abwana amayang'ana akamati ndinu waulesi, koma chifukwa sizikuwa zimangosunthidwa mawa mawa, mpaka tsiku lina lipoti lija limadumphira mu gawo 1 kutatsala masiku awiri, inu nkugona mu ofesi, nkulemba mothamanga, manambala osagwirizana, dona nkulibweza, ntchito ya maola 15 nkusanduka 25. Zambiri zomwe zimadzaza gawo 1 zinali za gawo 2 mwezi wathawu.

Gawo 3 muli kutaipira anzanu a ku fildi makalata oitanira mafumu ku msonkhano, maola 2, maminitsi a miting'i ya Lolemba, 2, ndi kuyenda m'mashopu kutolera makotesheni a mipando, 2. Gawo 4 muli kukonzanso maonekedwe a fomu yomwe ikugwira kale ntchito, ndi miting'i ya pa intaneti yomwe anangokuikanimo dzina koma mulibe chonena, tinene maola 3.

Phatikizani: 8, 14, 6 ndi 3 ndi maola 31. Inu muli ndi 21. Maola 10 osowawo ndi amene mwakhala mukuwalipira ndi madzulo anu ndi Loweruka lanu, ndipo palibe luso lililonse lomwe lingawapanikize kuti akwane. China chake chiyenera kutuluka pa pepalapo, funso ndi loti asankhe ndani.

Gawo 4 fufutani nokha, simufunika chilolezo, 31 yatsika kufika 28. Gawo 3 ndi pomwe malangizo a ku wekishopu amakusokonezani, amati perekani kwa wina. Kwa ndani, poti pansi panu palibe munthu? Kwa munthu wa pa mlingo wanu gawo 3 lili ndi njira zitatu basi. Kubweza kwa mwini wake mwaulemu, kuchepetsa, kapena kuunjika pamodzi nkuchita nthawi imodzi masana. Makalata aja, konzani imodzi yabwino yokhala ndi mipata ya dzina, tsiku ndi malo, muwapatse pa fulashi, ulendo uno muwathandize, ulendo wamawa adzadzaza okha. Maminitsi asakhale nkhani ya masamba asanu ya kuti uyu anati uyu anayankha, lembani zomwe zagwirizanidwa, achite ndani, pofika liti, tsamba limodzi. Makotesheni angatenge a mesenjala kapena a dalaivala akamapita ku Dyeratu kapena kukwera mtunda ku Blantyre, bola abwana ndi amene awatume, osati inu. Amenewo maola 2 achoka, tili pa 26. Chenjezo limodzi apa, zokhudza ndalama zenizeni, makiyi a sefa, mapasiwedi a banki, musapatsire munthu chifukwa chofuna kupepukidwa, zikasowa adzafunsa inu.

Atsala maola 5 oti achoke ndipo onse ali mu gawo 2. Apa ndi pomwe mumanyamula pepala lija.

Musapite kukadandaula kuti ntchito yandichulukira. Mawu amenewo abwana aliyense anawamvapo kambirimbiri ndipo yankho lake ndi limodzi, tonse tili bize. Pitani ndi funso loti asankhe. Mwachitsanzo: "Bwana, sabata ino ndili ndi PAYE, za ku Makhanga ndi mafuta, zimenezi nditha pofika Lachitatu. Zatsala lipoti la dona, za ku banki ndi mavocha, zonse ndi maola 14 koma malo alipo a maola 9. Ine ndimaganiza ndiyambe za ku banki chifukwa lipoti likudalira zimenezo, mavocha adikire, kaya inu mukuona bwanji?" Mwawapatsa ulemu wawo, chiganizo ndi chawo, koma manambala ndi anu. Akasintha dongosolo, vomerani, ndi udindo wawo, kungoti mukabwerera pa tebulo muwatumizire uthenga waufupi wonena zomwe mwagwirizana, kuti pa 29 nkhani ya mavocha ikadzabuka pakhale polozera. Ndipo akadzabwera Lachitatu ndi china chatsopano, funso lanu ndi lomwelo, chabwino bwana, pa izi tinagwirizana zija ndisunthe chiti?

Pa kukambirana komweko ndi pomwe mumapempha maola otseka. Pemphani pang'ono ndipo mupemphe ngati zoyesa: maola 2 m'mawa, Lachiwiri mpaka Lachisanu, kwa masabata awiri, ndipo munene chomwe apeze, kuti lipoti la dona lidzakhala pa tebulo pawo kutatsala masiku atatu. Kenako apempheni kuti alengeze okha pa miting'i. Zikachoka pakamwa pa abwana ndi lamulo la ofesi, zikachoka pakamwa panu ndi mwano.

Bwanji m'mawa? Kuchigwa kuno funso limeneli silivuta. Okutobala ndi Novembala kutentha kumafika madigiri 40 ndi kupitirira, ofesi ya malata ikafika 2 koloko fani imangozunguza mpweya wotentha, munthu ukuwerenga mzere umodzi katatu osaumva. Nthawi imeneyo ndi yoika mapepala mu fayilo, kuyankha ma imelo, kufotokopa. Ntchito yofuna mutu, yoti ukaphonya nambala imodzi zonse zasokonekera, ipatseni 7:30 mpaka 9:30 kukadali kozizirirako. Ambiri amachita mosemphanitsa, m'mawa amatsegula ma imelo ndi WhatsApp kuti ndichotse kaye tizing'onoting'ono, akamadzati ndiyambe lipoti dzuwa lili pamutu.

Koma pali vuto lomwe ma ofesi a kwathu kuno ali nalo, ndipo mukapanda kulikonza dongosolo lonse lifa tsiku loyamba. Chifukwa cha kutentha komweko a ku fildi amafuna kunyamuka m'mamawa, ndiye 7:30 yomweyo ndi pomwe amakuunjikirani, uyu akufuna ndalama ya mafuta a njinga yamoto, uyu ma alawansi a anthu 30, uyu fomu yatha. Simungawauze kuti dikirani 9:30, ulendo wa ku Nsanje kapena kutsidya kwa Shire ufa. Njira yake ndi kusuntha ntchitoyo ibwere dzulo lake. Aliyense wonyamuka mawa apereke pempho lake pofika 3 koloko lero, inu 4 koloko mwawerenga, mwaika mu envulopu, mwalemba dzina ndi ndalama pamwamba, asaina, zatha. Sabata yoyamba wina adzaiwala ndithu, muthandizeni koma mumuuze kuti kawiri sizichitika, ndipo abwana akhale akudziwa. Ngati ofesi yanu zimenezi zakanikiratu, musalimbane nazo, sunthani maola anu akhale 8:30 mpaka 10:30, magalimoto atatuluka pa geti.

Anthu salola kutsekeredwa chitseko ngati sakudziwa kuti chitseguka liti. Ndiye pamodzi ndi maola otseka lengezaninso maola otsegula, 9:30 mpaka 10:30 ndi 3 mpaka 4 koloko, nthawi yomwe aliyense angabwere ndi lisiti lake, funso lake. Kapepala pa chitseko kasanene kuti osasokoneza, kanene kuti ndikuthandizani 9:30. Ngati mulibe chitseko, muli anthu anayi chipinda chimodzi, onani ngati chipinda cha miting'i chimakhala chopanda anthu m'mawa, apo ayi tembenuzani tebulo msana uloze kolowera, ndipo wobwera muzimuyankha ndi mawu amodzimodzi tsiku lililonse osakweza mutu nthawi yaitali, pepani achimwene 9:30 ndikupezani. Kenako 9:30 ikakwana mupiteko zoona. Mukangolephera kawiri sadzakukhulupiriraninso, adzayambiranso kuima pa tebulo mpaka muwathandize.

Mkati mwa maola awiriwo, ntchito imodzi basi, ndipo mwaisankha dzulo musanaweruke. Osalemba kuti "lipoti", mawu amenewo ndi aakulu kwambiri, m'mawa mudzangowayang'ana nkutsegula zina. Lembani kuti "kufananitsa Ogasiti, macheke onse ndi zomwe banki yadula". Foni ikhale chete mu diloo, osati pa tebulo chafufumimba, WhatsApp ya pa kompyuta ndi ma imelo zotseka. Siyani khomo limodzi lokha la zoopsa, muwauze abwana ndi a kunyumba kuti zikavuta aimbe, osalemba uthenga, ndipo mafoni ambiri amalola kusankha manambala oti azilira olo foni ili chete. Pambali pakhale kapepala, chilichonse chobwera m'mutu, aa ndaiwala kuimbira a mashopu aja, lembani pamenepo nkupitiriza.

Mwina mukuti kuyankha kauthenga kamodzi ndi mphindi imodzi yokha, vuto lili pati. Vuto silili pa mphindiyo. Katswiri wina, Sophie Leroy, mu 2009 anaonetsa kuti munthu akasiya ntchito pakati nkuyamba ina, maganizo ena amatsalira ku yoyamba ija ndipo yachiwiriyo saigwira bwino. Inu mukudziwa kale zimenezi, muli pa mzere 47 wa sitetimenti mukusaka K18,500 yomwe ikusiyana, mwayamba kukayikira kuti ndi ndalama zomwe banki inadula kawiri, wina nkulowa kufunsa ngati pepala la mu fotokope latha, pobwerera simukudziwanso kuti munali pati, mwayambiranso pamwamba. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Mukakakamizika kuimirira, tengani masekondi ochepa mulembe pomwe mwasiyira ndi chomwe mumaganiza, "mzere 47, onani zodula za pa 12 ndi pa 13", pobwera mungoyambira pomwepo.

Za magetsi konzekeranitu, chifukwa maola otseka omwe akudalira soketi si otseka. Laputopu igone yodzaza. Sitetimenti ya ku banki, ma imelo a dona okhala ndi fomu ya lipoti, chilichonse chofuna netiweki, tsitsani dzulo masana. Ndipo khalani ndi ntchito ya gawo 2 ya pa pepala yodikirira, kwa inu ndi katoni ya mavocha ija, kuti magetsi akathima batire nkutha musanene kuti basi lero zalephereka, mungokoka katoni nkuyamba kusanja mwezi ndi mwezi.

Sabata yathu ija ndiye ikhala chonchi. Lolemba mulibe maola otseka, miting'i ikatha mulipira mafuta nkugwira maola 2 a za ku Makhanga. Lachiwiri ndi Lachitatu m'mawa za ku banki, Ogasiti kenako Seputembala. Ikatha nthawi yotsegula ija, Lachiwiri mumaliza za ku Makhanga nkuyamba PAYE, Lachitatu mumaliza PAYE, tsiku limodzi lisanafike tsiku lake, dala, chifukwa pa 14 penipeni mukapeza netiweki yavuta kapena wosaina wachiwiri wapita ku maliro ku Ngabu mulibenso pothawira. Lachinayi ndi Lachisanu m'mawa maola 4 oyamba a lipoti, manambala ake atayera kale. Makalata ndi maminitsi masana. Zonse pamodzi 8, 8 ndi 4, maola 20, mkati mwa 21 muja. Lipoti latsala maola 11, sabata yamawa 8, yachitatu 3, ndipo maola otseka otsala a sabata yachitatuyo ndi a mavocha.

Taonani kuti za gawo 1 sindinaziike m'maola otseka. Ndachita dala. Zachangu zimadzipezera zokha malo, PAYE simungaiwale olo mutafuna. Mukazilola kulowa m'mawa zidya maola onse ndipo gawo 2 libwerera pomwe linali. Nthawi yokha yophwanya lamuloli ndi pamene chinthu chikufunika lero lomwe ndipo masana sichikwana, zikatero musafufute maola otsekawo, asunthireni tsiku lina ndipo mulembe mu dayale.

Mudziwa bwanji kuti zikuyenda? Osati ndi mmene mukumvera, sabata yoyamba mudzamva ngati mukulakwira anthu. Lachisanu musanaweruke werengani zinthu ziwiri. Pa m'mawa unayi uja, ndi ungati womwe unapulumuka? Utatu ndi bwino kwambiri, uwiri ndi poyambira, umodzi kapena zero ndiye pali chomwe chikuswa. Kuti muchipeze, pa kapepala kaja muzilemba dzina la aliyense wokudulani ndi chomwe amafuna. Pakatha masabata awiri mudzaona kuti si ofesi yonse ayi, kawirikawiri ndi anthu awiri kapena nkhani imodzi yomangobwerabwera, monga mafomu a alawansi omwe bwenzi atangoikidwa pa shelefu panja aliyense nkumatenga yekha. Nthawi zina dzina lochuluka pa kapepalapo ndi la abwana eni ake. Zikatero musawaonetse ngati mlandu, apempheni kuti muzikumana mphindi 10 nthawi ya 9:30 tsiku lililonse kuti zonse zomwe ali nazo azikupatsirani pamodzi. Ndipo nthawi zina, tinene zoona, dzina lochuluka ndi lanu, palibe anakuitanani, munangotsegula diloo kuona foni.

Chachiwiri, onani kukula kwa gawo 1 Lolemba lililonse. Pakatha mwezi liyenera kuyamba kuchepa, chifukwa zomwe zikanadzakhala zadzidzidzi mwazigwira zikadali patali. Ngati kuposa theka la pepala lanu mwaliika mu gawo 1, mwina mukusanja ndi mantha, bwererani ku funso lija la avutike ndani. Bokosili musamalijambule tsiku lililonse, kamodzi pa sabata kwa mphindi 20 ndi zokwanira, madzulo kungoyang'anamo mphindi zisanu posankha za mawa. Ndaonapo anthu akulikongoletsa ndi mitundu mu Excel mpaka bokosilo nkusanduka ntchito ya gawo 4.

Pali nyengo zomwe zonsezi zimaima, ndipo musadzione olephera. Amene munali pa ntchito nthawi ya namondwe Ana mu Januwale 2022, Kapichira itaonongeka magetsi nkusowa, kapena ya Freddy mu Malichi 2023, mukudziwa kuti madzi akasefukira mabungwe a m'chigwa muno chilichonse chimakhala cha lero lomwe, misasa, chakudya, mafuta a maboti. Masabata ngati amenewo maola 2 simungawapeze, sungani mphindi 30 zokha patsiku zolemba ndalama iliyonse yomwe yatuluka ndi kusunga malisiti malo amodzi, chifukwa madzi akaphwa ma odita adzafunsabe. Ndipo poti mvula imayamba cha mu Novembala ndi Disembala, zolemera za gawo 2 monga mavocha aja ndi bwino kuzitha isanafike Januwale.

Malire ena ndi awa. Ngati mwachita zonsezi masabata anayi, gawo 4 mwafufuta, gawo 3 mwachepetsa, m'mawa mukuusunga, koma pepala likumatulukabe maola 30 pa malo a 21 sabata ndi sabata, ndiye vuto si kasamalidwe ka nthawi, ntchitoyo ndi ya anthu awiri. Lamulo la ntchito la dziko lino la chaka cha 2000 limaika maola a masiku onse kuti asapitirire 48 pa sabata, ndipo mmene mukugwirira panopa, maola 9 ndi theka kasanu ndi 47 ndi theka kale, Loweruka lisanalowe. Onaninso kalata yanu ya ntchito ikunena chani za maola ndi za ovataimu. Mapepala anayi a Lolemba aja musataye, asungeni mu fayilo limodzi ndi mauthenga a zomwe munagwirizana, mupite nawo kwa abwana mupemphe chimodzi mwa ziwiri, maminitsi, makalata ndi zogulagula zipite kwa munthu wina mpaka kalekale, kapena mu bajeti ikubwerayi aikemo wothandizira, olo wophunzira ntchito wa miyezi isanu ndi umodzi.